Mitundu Yowerengeka pa Mapu a Zaumoyo ku Ntcheu

Ku sikelo ya ana, alangizi a zaumoyo amayeza mkono wa mwana ndi tepi ya mitundu itatu. Wofiira umasonyeza muyeso wosafika masentimita 11.5, wachikasu umayambira pamenepo mpaka 12.5, ndipo wobiriwira umayambira 12.5 kupita m'tsogolo. Mitundu yomweyi ikapakidwa pa mapu a boma la Ntcheu, kuti Tsangano, Lizulu ndi Kasinje zisiyane malinga ndi kukula kwa vuto la kunyentchera, mapuwo amatha kusokoneza owerenga ena.

Mtundu uli ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi mtundu weniweniwo, monga kufiira kapena kubiriwira. Yachiwiri ndi kukhathamira kwake, ndiko kuti kaya ndi wolowerera kapena wosuluka. Yachitatu ndi kuwala kwake, komwe kumauyandikiza ku choyera kapena ku chakuda.

M'diso muli magulu atatu a maselo ozindikira mitundu. Gulu limodzi likasowa kapena likamagwira ntchito moperewera, munthu amavutika kusiyanitsa mitundu ina, makamaka wofiira ndi wobiriwira. Vutoli ndi lobadwa nalo ndipo limapezeka kwambiri mwa amuna, chifukwa limayenda pa kolomozomu X. Munthu wotere amaonabe bwino kusiyana kwa kuwala. Fotokope yosatulutsa mitundu nayonso imasunga kuwala kokha, zina zonse n'kusanduka zotuwa. Choncho kuwala ndi kumene kuyenera kunyamula uthenga.

Kuwala kumayerekezedwa ndi masamu awa, pamene R, G ndi B ndi kuchuluka kwa kufiira, kubiriwira ndi buluu mu mtunduwo, ndipo pa Y, 0 ndi wakuda, 255 ndi woyera:

```
Y = 0.299R + 0.587G + 0.114B
```

Wofiira `#FF0000` umatuluka 76, pamene wobiriwira `#008000` umatuluka 75. Pa pepala, dera lomwe lili pa chiopsezo ndi dera lomwe lili bwino zimatuwa mofanana.

Masataka Okabe ndi Kei Ito a ku Japan anasankha mitundu yomwe anthu ovutika ndi wofiira ndi wobiriwira amatha kuisiyanitsa. Mwa iyo, wabuluu `#0072B2` umatuluka 87, walalanje `#E69F00` umatuluka 162, ndipo wachikasu `#F0E442` umatuluka 213. Mipata yake ndi yotakata, moti itatu yonse imaonekabe padera pa fotokope. Zinthu zikamayenda mwa mndandanda, monga vuto lochepa, lapakati ndi lalikulu, kuwala kuzitsika mwa mndandanda womwewo: wachikasu pa vuto lochepa, wabuluu pa lalikulu.

Mtundu usasiyidwe wokha. Tepi ija ili ndi manambala, kotero mlangizi wosasiyanitsa wofiira ndi wobiriwira amawerengabe muyeso. Mapu nawonso alembedwe dzina ndi nambala pa dera lililonse, kapena apatsidwe mizere ndi madontho. Asanagawidwe, tsamba limodzi lisindikizidwe popanda mitundu, kenako lijambulidwenso pa fotokope. Madera awiri oyandikana akafanana kutuwa, mtundu umodzi usinthidwe.