Malire a masikirini oonera nthawi imodzi pa akaunti ya Netflix

Malire a masikirini ndi chiwerengero cha zipangizo zimene zingathe kuonetsa kanema nthawi imodzi pa akaunti imodzi yolipiridwa mwezi ndi mwezi. Pafupifupi kampani iliyonse yoonetsa makanema kudzera pa intaneti imaika malire otere. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi Netflix, kampani ya ku America imene inayamba kuonetsa makanema pa intaneti mu 2007, ndipo mu Januwale 2016 inafika m'mayiko ena 130, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia. Pa Netflix, sikirini imatanthauza chipangizo chilichonse chimene kanema akusewerapo panthawiyo: TV, foni, tabuleti kapena laputopu. Kukula kwa chipangizocho kulibe ntchito. Foni ya m'thumba ndi TV yaikulu ya pabalaza zimawerengedwa mofanana, iliyonse sikirini imodzi.

Chiwerengero cha pulani iliyonse

Chiwerengerochi chimatengera pulani imene munthu akulipira. Pulani ya Mobile imalola sikirini imodzi, ndipo imagwira pa foni ndi tabuleti basi. Ya Basic nayonso imalola imodzi, koma imagwira ngakhale pa TV ndi pa laputopu. Ya Standard imalola masikirini awiri, pomwe ya Premium imalola anayi. Mapulaniwa amasiyananso pa kuoneka bwino kwa chithunzi, kuyambira 480p pa Mobile, 720p pa Basic, 1080p pa Standard, mpaka 4K pa Premium. Si dziko lililonse lili ndi mapulani onse anayi. Ku Britain, ku America ndi ku Canada, kampaniyi inasiya kupereka Basic kwa olembetsa atsopano mu 2023, ndipo kumeneko kuli pulani ina yotsika mtengo yokhala ndi malonda, imene imalola masikirini awiri.

Zimene zimawerengedwa ndi zimene siziwerengedwa

Chisokonezo chambiri chimabwera chifukwa pa akaunti imodzi pali zinthu zitatu zowerengeka, ndipo anthu amazitenga ngati chimodzi. Choyamba ndi mapulofayilo, timayina tija timaoneka munthu akangotsegula Netflix. Akaunti iliyonse imaloledwa kukhala ndi mapulofayilo asanu, kaya ndi ya Basic kaya ndi ya Premium. Ntchito ya pulofayilo ndi kusunga mbiri ya woonera: pamene analekezera, zimene amakonda, chilankhulo chimene anasankha, ndi msinkhu wa makanema amene mwana akuloledwa kuona. Pulofayilo siwonjezera sikirini. Banja la anthu asanu lokhala ndi mapulofayilo asanu pa Basic likhalabe ndi mwayi wa munthu mmodzi yekha woonera panthawi imodzi. Kutembenuza kwakenso n'koona: anthu awiri akhoza kugwiritsa ntchito pulofayilo imodzi pa zipangizo ziwiri, ndipo amawerengedwa masikirini awiri.

Chachiwiri ndi zipangizo zimene zinalowetsedwa mu akaunti. Munthu akhoza kulowetsa imelo ndi pasiwedi pa TV ziwiri, mafoni atatu ndi laputopu, zonse n'kukhala zolowa popanda vuto. Chipangizo cholowa koma chosasewera kanema sichidya malo. Ngakhale kufufuza pamndandanda, kuwerenga kufotokozera kwa filimu kapena kusankhasankha choti uone sikuwerengedwa.

Chachitatu, chimene malire amayang'ana, ndi makanema amene akutsika kuchokera ku makompyuta a kampani n'kumasewera panthawi imeneyo. Munthu akadina batani losewerera, chipangizo chake chimapempha chilolezo ku makompyuta a Netflix. Makompyutawo amaona kuti pa akauntiyo pali makanema angati amene akusewera kale, n'kuyerekeza ndi pulani. Malo akakhalapo, kanema amayamba. Kanemayo ali mkati, chipangizocho chimapitiriza kudziwitsa makompyutawo kuti chikadaonetsa, ndipo munthu akatuluka mu kanemayo chimanena kuti chamaliza, malo aja n'kumasuka.

Makanema odawuniloda ali ndi lamulo lawolawo. Filimu imene inasungidwa kale mu foni ikhoza kuonedwa popanda intaneti, ndipo siwerengedwa pa malire a masikirini. Chimene chili ndi malire ndi chiwerengero cha zipangizo zosungira makanemawo: chimodzi pa Mobile ndi Basic, ziwiri pa Standard, zisanu ndi chimodzi pa Premium. Pamabanja ogawana pulani yaing'ono, iyi ndiyo njira yothandiza kuposa zonse.

Malire akadutsidwa

Tiyerekeze banja limene likulipira Standard. Madzulo, bambo ndi mayi akuonera filimu pa TV pabalaza. Anthu ndi awiri koma sikirini ndi imodzi, chifukwa Netflix siwerenga maso, imawerenga zipangizo. Mwana wawo wamkazi ali kuchipinda, akuonera sewero lake pa foni. Apa malo onse awiri adzaza. Mchimwene wake atsegula laputopu, asankha pulofayilo yake, mndandanda uoneka bwinobwino, apeza filimu imene akufuna. Akangodina kuti iyambe, m'malo mwa filimu pabwera uthenga wonga uwu:

```
Too many people are using your account right now.
```

Uthengawu ukunena kuti anthu amene akugwiritsa ntchito akauntiyo panopa achuluka. Mawu ake amasiyanako malinga ndi chipangizo, ndipo nthawi zambiri pamalembedwanso zipangizo zimene zikuonetsa ndi mitu ya makanema ake. Wokanizidwa ndi amene wabwera pomalizira. Filimu ya makolo ndi sewero la mlongo wake zipitirira osadukiza, ndipo iwo sadziwa n'komwe kuti wina wakanizidwa. Palibe ndalama yowonjezera imene imadulidwa chifukwa choyesa, ndipo akaunti sitsekedwa. Palibenso amene ali ndi malo osungiridwa: mwini akaunti, amene amalipira yekha mwezi uliwonse, akachedwa amakanizidwa chimodzimodzi.

Mnyamatayo ali ndi njira zingapo. Akhoza kupempha mlongo wake kuti atuluke mu sewero lakelo. Kungoliimitsa pang'ono si kodalirika, pakuti kanema woimitsidwa amakhala akadali wotsegula ndipo akhoza kupitiriza kugwira malo. Chofunika ndi kubwerera kumndandanda kapena kutsekeratu pulogalamu. Akhozanso kuonera filimu imene anasunga kale mu foni yake. Njira ina ndi yoti mwini akaunti akweze pulani kupita pa Premium. Kukweza kumayamba kugwira ntchito nthawi yomweyo, pomwe kutsitsa kumadikira tsiku lolipira lotsatira.

Kukweza pulani kumatsegula malo, koma sikukulitsa intaneti ya pakhomo. Netflix imalangiza liwiro la mamegabiti 5 pa sekondi pa kanema mmodzi wa 1080p, ndi mamegabiti 15 pa wa 4K. Masikirini anayi a 1080p amafuna mamegabiti pafupifupi 20 pa sekondi pamodzi. Data nayo imawerengedwa pa chipangizo chilichonse: mpaka gigabayiti imodzi pa ola pa chithunzi wamba, mpaka magigabayiti 3 pa chithunzi chooneka bwino, ndi mpaka 7 pa 4K. Anthu anayi oonera 1080p kwa maola awiri akhoza kumaliza magigabayiti 24 usiku umodzi. Pakhomo podalira bandulo, malire enieni kawirikawiri amakhala amenewa, osati a pulani. Kusiyanitsa mavuto awiriwa n'kosavuta. Intaneti ikachepa, kanema amayamba koma chithunzi chimachita chimbuuzi, kapena amaima n'kumazungulira. Malo akadzaza, kanema sayamba n'komwe, ndipo uthenga umanena chifukwa chake.

Uthenga ukabwera palibe wina akuonera

Nthawi zina munthu amakanizidwa ali yekha pakhomo. Zifukwa zake zimakhala ziwiri. Choyamba ndi kanema amene anadukira panjira. Magetsi akazima mwadzidzidzi TV ili mkati moonetsa, kapena netiweki ikathawa, chipangizocho sichipeza mpata wonena kuti chamaliza. Makompyuta a kampani amapitiriza kuchiwerenga kwa kanthawi. Munthu wa pulani ya Basic amene magetsi amuzimira, n'kutenga foni kuti apitirize filimu yake, akhoza kupeza kuti TV yake yozimayo ndi imene yamutsekereza. Vutoli limatha lokha makompyutawo akaona kuti chipangizo chija chasiya kuyankha.

Chifukwa chachiwiri ndi munthu wina amene ali ndi pasiwedi: mnzako amene unamubwereka kalekale, TV ya kumalo ogona alendo imene unaiwala kutulukamo, kapena foni imene inagulitsidwa isanafufutidwe. Izi zimaonekera pa tsamba la `Account`, pagawo la `Manage Access and Devices`, limene Netflix inaika mu Novembala 2022. Pamenepo pamalembedwa zipangizo zimene zagwiritsidwa ntchito posachedwa, pulofayilo imene inatsegulidwa ndi nthawi yake, ndipo chilichonse chikhoza kutulutsidwa pachokha. Kutulutsa kokha sikukwanira ngati munthuyo akuidziwa pasiwedi, chifukwa angolowanso. Pasiwedi iyenera kusinthidwa nthawi yomweyo.

Lamulo la nyumba imodzi

Kuyambira mu 2023 pali lamulo lina limene ambiri amalisokoneza ndi malire a masikirini. Mu Meyi chaka chimenecho, Netflix inayamba kukhwimitsa ku America ndi m'mayiko ena oposa 100 mfundo yoti akaunti ndi ya anthu okhala nyumba imodzi. Kampaniyi imazindikira nyumbayo poona intaneti imene TV ya pakhomo imalumikizidwako, zizindikiro za zipangizo, ndi mmene akaunti ikugwiritsidwira ntchito. Malire a masikirini amafunsa kuti akuonera ndi angati, pomwe lamuloli limafunsa kuti akuonera ali kuti. Choncho wachibale wokhala ku Manchester amene akulipira Premium akhoza kukhala ndi malo atatu opanda munthu, koma TV ya m'bale wake ku Blantyre n'kukanizidwabe ndi uthenga woti si ya m'nyumbamo. Kukweza pulani sikuthetsa zimenezi. M'mayiko ena mwini akaunti amatha kulipirira munthu wowonjezera wokhala kwina, mmodzi pa Standard ndi awiri pa Premium, koma munthuyo amayenera kukhala m'dziko limene akauntiyo inatsegulidwira, ndipo amapatsidwa sikirini imodzi yakeyake.

Makampani ena

Malamulo a Netflix sagwira kwina. Kwa zaka zambiri Amazon Prime Video inkalola makanema atatu nthawi imodzi, koma filimu imodzimodzi sinkatha kuonedwa pa zipangizo zoposa ziwiri, moti munthu wachitatu ankatha kukanizidwa malo alipo, kungoti wasankha filimu imene anzake awiri akuonera kale. MultiChoice, mwini wa DStv, mu Malichi 2022 inatsitsa chiwerengero cha oonera DStv kudzera pa intaneti kufika pa chipangizo chimodzi nthawi imodzi, ndipo inati cholinga chinali kuthana ndi kubwerekana mapasiwedi ndi chinyengo. Kusinthako sikunakhudze kuonera pa dikoda, kotero pakhomo pamodzi wina ankatha kuonera mpira pa dikoda pamene wina akuonera za pa foni. Ziwerengerozi makampani amazisintha, ndipo chimene chikugwira ntchito pa akaunti ya munthu lero chimalembedwa pa tsamba la pulani yake mu akauntimo.