Kukonzanso bajeti

Pakati pa alembi a mabungwe a ku City Centre, mawu akuti kukonzanso bajeti amatanthauza kulemba mwatsopano ndondomeko ya chuma cha ntchito pamene wopereka thandizo wachepetsa zimene analonjeza chaka chili mkati, monga zinachitikira mabungwe ambiri mu 2025, boma la America litaimitsa thandizo la USAID.

Tiyerekeze kuti bungwe linalonjezedwa K120 miliyoni, ndipo itatha miyezi 6, litagwiritsa kale ntchito K65 miliyoni, lauzidwa kuti lidzalandira K90 miliyoni yokha. Wosadziwa amachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi pa mzere uliwonse. Koma wosunga chuma wanzeru, podziwa kuti madzi akatayika saoleka, amayamba wachotsa zimene zalipidwa kale, nachotsanso ngongole zosathawika, monga lendi ya ofesi ku Area 10, msonkho wa PAYE, penshoni ndi malipiro a ochotsedwa ntchito, zimene tiziike pa K15 miliyoni, kotero kuti yotsalira ntchito yeniyeni m'miyezi 6 ikudzayo ndi K10 miliyoni chabe.

Apo mpamene asankha chosiya, kaya misonkhano ya kunyanja kapena boma limodzi lathunthu, nachepetsanso chiwerengero cha anthu amene analonjeza kuwafikira, pakuti bajeti yochepa yosenza malonjezo akale idzamtsutsa pa tsiku la kafukufuku wa mabuku. Musasunthe tambala kuchoka pa mzere wina kupita pa wina wopereka thandizo asanavomereze polemba kalata.