Khoma Limanena Mbiri ya Nyumba

1. Nyumba imakula ndi fodya

Ku Kasungu nyumba zambiri sizinamangidwe nthawi imodzi. Mlimi akagulitsa bwino fodya ku okushoni, ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, amawotcha uvuni wa njerwa n'kuwonjezera chipinda. Mitengo ikavuta, ntchito imaima kudikira chaka china.

M'zaka za m'ma 1970, pa nthawi ya Kamuzu Banda, maesiteti a fodya anachuluka m'boma lino. Kunamangidwa mabalani, maofesi ndi nyumba za akapitawo. Alimi a m'midzi sankaloledwa kulima fodya wa bale kufikira mu 1990. Lamulo litasintha, ndalama za fodyayu zinalowa m'midzi, ndipo nyumba zambiri zinakuzidwa n'kufoleredwa malata.

Kusintha kotereku kumasiya zizindikiro pakhoma. Tiyerekeze nyumba ya njerwa zootcha ya zipinda zinayi, yopanda pulasitala kunja. Tiizungulire pang'onopang'ono, tione zinthu zitatu: polumikizira makoma, kayalidwe ka njerwa, ndi pamene panali khomo kapena zenera.

2. Mzere woongoka

Mmisiri akamamanga, njerwa ya pamwamba amaikhazika pakati pa njerwa ziwiri za pansi. Amatero kuti njerwa zigwirane. N'chifukwa chake pakhoma lomangidwa nthawi imodzi simupeza mpata wotsika moongoka kuchokera kudenga mpaka pansi.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli mzere wotere. Watsika moongoka, ndipo njerwa za kumanzere sizinalowerane ndi za kumanja. Apa ndi pamene nyumba yoyamba inkathera. Khoma linalo anachita kuligunditsa pambuyo pake.

Nanga loyamba ndi liti? Yang'anani mbali imene ikuoneka ngati ngodya yomalizidwa bwino, njerwa zake zathunthu ndi zolukana mokhota. Imeneyo ndiyo yakale. Suzumiraninso mumpatamo ndi tochi. Mukaona laimu kapena utoto ukupitirira mpaka mkati, dziwani kuti khoma lopakidwalo linkaombedwa ndi dzuwa linzakelo lisanabwere. Palibe amene angapake laimu pamalo potsekeka kale.

Musasokoneze mzere umenewu ndi mng'alu. Mng'alu umayenda mokhotakhota ngati masitepe, ndipo nthawi zina umaswa njerwa pakati. Umabwera maziko akatitimira. Polumikizira makoma pamakhala njerwa zosasweka mbali zonse ziwiri.

3. Mmisiri wochenjera amabisa

Amisiri ena sagunditsa chabe. Amagumula njerwa imodzi pa mizere ingapo iliyonse ya khoma lakale, n'kulowetsamo njerwa zatsopano kuti makomawo agwirane. Pamenepo mzere woongoka suoneka.

Apa tengani tepi kapena chingwe. Yezani kutalika kwa mizere khumi ya njerwa mbali imodzi, kenaka mizere khumi mbali inayo. Njerwa za m'mudzi zimaumbidwa ndi chikombole cha matabwa, ndipo zikombole sizilingana. Ngati mbali ziwirizo zasiyana ndi zala ziwiri kapena zitatu, njerwazo zinachokera m'zikombole zosiyana, mwinanso amisiri ake anali awiri. Mudzaonanso kuti pokumanirapo mmisiri anaika matope ochindikala kuti mizere ikumane.

4. Kayalidwe ka njerwa

Njerwa ili ndi mbali yaitali ndi mutu. Kutsogolo kwa nyumba yathu, mzere umodzi ukuonetsa mbali zazitali zokhazokha, wotsatira ukuonetsa mitu yokhayokha, ndipo zikusinthana choncho mpaka pamwamba. Amisiri amati Ingilishi bondi. Njerwa zoonetsa mitu zagona mopingasa kuti zimange khoma lonse pamodzi. Khoma lotere ndi lochindikala mainchesi 9, ndipo limadya njerwa zambiri.

Zipinda ziwiri za kuseri n'zosiyana. Mizere yonse ikuonetsa mbali zazitali. Pitani pazenera muyeze kuchindikala kwa khoma. Mupeza kuti ndi mainchesi anayi ndi theka, theka la khoma la kutsogolo. Mwini nyumba anafuna kuti uvuni umodzi ukwanire zipinda zonse ziwiri.

Kandaninso pakati pa njerwa ndi msomali. Kutsogolo dothi lofiira likuyoyoka mosavuta, chifukwa anamangira matope. Kuseri msomali ukuterereka, chifukwa anamangira simenti ndi mchenga. Koma samalani. Ena amamangira matope, kenaka n'kumata simenti pamwamba pokha kuti mvula isakokolole. Kandani mozama pang'ono pamalo pamene pagumuka kale.

Kayalidwe kamasinthanso chokwera. Pamwamba pa mazenera a kutsogolo pali mizere isanu ya njerwa zofiirira mosiyana ndi za pansi. Izi zikusonyeza kuti khoma linakwezedwa, mwina pamene ankachotsa udzu n'kuika malata.

5. Khomo lotsekedwa, zenera lobooledwa

Kumbali kwa nyumba kuli zenera laling'ono. Pansi pake pali mizere iwiri yoongoka yotsika mpaka pamaziko, yotalikirana pafupifupi mita imodzi. Njerwa za pakati pake n'zosiyana ndi zozungulira. Apa panali khomo. Analitseka kumunsi, kumtunda n'kusiya zenera. Pansi pakuonekanso sitepe imene tsopano sikupita kulikonse.

Pamwamba pake pali thabwa lochindikala logonekedwa m'khoma kuti linyamule njerwa. Chiswe chalidya pang'ono. Mazenera a kuseri alibe thabwa lotere. Ali ndi mtanda wa konkire ndi mafelemu achitsulo.

Zenera lomangidwa pamodzi ndi khoma limakhala ndi m'mphepete mosalala. M'khoma lochindikala lija mumaona tinjerwa ting'onoting'ono toikidwa mwadala pafupi ndi m'mphepete kuti mizere ilukane bwino. Zenera lobooledwa pambuyo pake lilibe tinjerwa timeneti. Njerwa zake n'zoduka ndi chizulo, ndipo m'mbali mwa felemu anamatamo simenti yambiri yobisira mabala.

6. Tiike zonse pamodzi

Tsopano mbiri ya nyumba ija yaoneka. Poyamba inali ya zipinda ziwiri, ya makoma ochindikala omangira matope, khomo lili kumbali. Kachiwiri anakweza makoma, n'kuwonjezera zipinda ziwiri kuseri ndi khoma lopyapyala la simenti. Khomo lakale linasanduka zenera.

Pali gawo lachitatu. Khonde la kutsogolo analitseka ndi mabuloko a simenti, ndipo zipilala zake za njerwa zikuonekabe mkati mwa khoma latsopanolo. Mabulokowa afala kwambiri kuyambira mu 2018, pamene boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi za malonda pofuna kuteteza mitengo.

7. Zimene khoma silinena

Khoma limanena chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Silitchula chaka. Njerwa yakale ikhoza kukhala m'khoma latsopano, popeza anthu amagumula balani losiyidwa n'kumangira nyumba. Njerwa zotere muzidziwa ndi zotsalira za matope akale, mwaye, ndi ngodya zobenthuka. Mtundu wokha si umboni, chifukwa mu uvuni umodzi njerwa za pafupi ndi moto zimada kuposa za m'mphepete.

Chaka chifunseni kwa akuluakulu. Iwo amakumbukira ndi zochitika: chaka chimene sukulu ya Kamuzu Academy inatsegulidwa ku Mtunthama, mu 1981, kapena chaka cha njala ya 2002. Zimene anena muziyerekeze ndi zimene mwaona pakhoma.

Ngati mukufuna kupaka pulasitala nyumba ya makolo anu, yambani mwaizungulira ndi kope ndi pensulo. Jambulani khoma lililonse, muike chizindikiro pa mzere woongoka uliwonse ndi pa khomo lililonse lotsekedwa. Pulasitala akangopakidwa, zonsezi sizidzaonekanso.