Munthu ndi mwamuna

Wophunzira zaubusa wochokera ku Kalembo akamalemba nkhani yake ya ku Zomba Theological University amakumana ndi mawu awiri achigiriki amene Chingerezi chakale chinkawaphatikiza. "Anthropos" kawirikawiri ndi munthu aliyense, pomwe "aner" ndi mwamuna. Baibulo la King James la 1611 limamasulira onsewa ndi mawu amodzi otchulira mwamuna, koma Chichewa chimawasiyanitsa bwinobwino. Ngakhale "iye" wathu sanena ngati munthuyo ndi mkazi kapena mwamuna.

Pa 1 Timoteo 2:5, mkhalapakati pakati pa Mulungu ndi anthu akutchedwa "anthropos". Wolemba akangotembenuza vesili kuchokera m'Chingerezi nkulemba kuti "mwamuna", ndiye kuti walowetsa mfundo imene mulibe, chifukwa vesili likutsindika umunthu wa Khristu. Koma pa vesi 8 pali "aner", ndipo pa vesi 9 akutchula akazi padera. Pamenepo "amuna" ndiye mawu oyenera.

Choncho pogwira mawu a m'Malemba, tchulani Baibulo limene mwatengamo, kaya Buku Lopatulika la 1922 kapena Buku Loyera. Ngati mwamasulira nokha, nenani poyera, ndipo musasinthe mawu ogwidwawo mwakachetechete.