Kuwerengera Madontho a Diripi ndi Mlingo wa Mankhwala

Musanatsegule diripi, dziwani zinthu zitatu: kuchuluka kwa madzi amene alembedwa, nthawi imene ayenera kuthera, ndi madontho amene chubu chanu chimatulutsa pa mililita imodzi. Nambala yachitatuyi imalembedwa pa paketi ya chubucho. Machubu ambiri a akuluakulu amatulutsa madontho 20, pamene a madontho ang'onoang'ono, ogwiritsidwa ntchito kawirikawiri pa ana, amatulutsa 60.

Kawerengeredwe kake

Madontho pa mphindi = (mamililita × madontho a pa mililita) ÷ mphindi

Tiyerekeze kuti dokotala walemba madzi a mchere okwana mamililita 1,000 kuti alowe m'maola 8, ndipo chubu n'cha madontho 20. Yambani ndi kusandutsa maola kukhala mphindi: 8 × 60 = 480. Kenako 1,000 × 20 = 20,000, ndipo 20,000 ÷ 480 = 41.7. Popeza dontho siligawika, ikani madontho 42 pa mphindi, kapena kuti 10 mpaka 11 pa masekondi 15. Pa liwiro limeneli pamalowa mamililita 125 pa ola, choncho pakatha maola awiri m'thumba muyenera kutsala pafupifupi 750.

Mankhwala osakaniza m'diripi

Gawani mlingo wolembedwa ndi mlingo umene uli m'kabotolo, n'kuchulukitsa ndi mamililita a kabotoloko. Ngati alemba mamiligalamu 240 a jentamaisini, ndipo kabotolo kali ndi mamiligalamu 80 m'mamililita awiri, muchite 240 ÷ 80 × 2, ndipo mupeza mamililita 6. Onetsetsani ngati alemba mamiligalamu kapena mamaikologalamu, chifukwa miligalamu imodzi ndi mamaikologalamu 1,000. Mnzanu awerengere payekha, kenako mufananitse mayankho.

Zolakwika zofala

Cholakwika choyamba ndi kugawa ndi maola m'malo mwa mphindi. M'chitsanzo chathu mungapeze madontho 2,500 pa mphindi, amene palibe angawerenge ndi maso. Yankho lotere likuchenjezeni.

Chachiwiri ndi kusokoneza machubu. Pa chubu cha madontho 60, madzi omwewa amafuna madontho 125 pa mphindi. Mukaika 125 pa chubu cha 20, wodwala alandira mamililita 375 pa ola, kuwirikiza katatu mlingo wake. Madzi akachuluka m'thupi, wodwala amabanika, amatsokomola, ndipo mitsempha ya m'khosi imatupa. Ana, okalamba ndi odwala mtima kapena impso ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Mukaona zizindikirozi, tsekani diripi, mukhazikeni tsonga wodwalayo, ndipo itanani dokotala msanga.

Chachitatu ndi kuthamangitsa diripi imene yatsalira m'mbuyo. Fufuzani kaye chimene chaichedwetsa: chubu chopindika, mkono wopinda, thumba lotsika, kapena kutupa pamene panalowa singano. Mukakonza, bwezerani liwiro lolembedwa, lembani mamililita amene alowa, ndipo dziwitsani amene analemba madziwo kuti aone ngati nthawi isinthe.