Za Moni wa Panjira Pakati pa Atonga a Kunyanja

Aphunzitsi amene atumidwa ku sukulu za m'mbali mwa nyanja, ku Chintheche, ku Kande, ku Mpamba kufikira ku Usisya, apeza kuti munthu sapyola mnzake panjira ali duu. Chinkana awiriwo sadziwana, ndipo alibe nkhani yoti akambirane, aponyerana mawu awiri kapena atatu napitirira ulendo wao. Ana a sukulu afunsa kawirikawiri kuti mwambo umenewu uli ndi ntchito yanji, popeza mawuwo sauza munthu kanthu katsopano. Tsono tiyeni tiyang'ane mawuwo poyamba, ndipo pambuyo pake tione mbiri ya dziko limene anenedwamo.

Moni ali wa mitundu iwiri, ndipo mphunzitsi asaisokoneze. Woyamba ndi wa pakhomo. Mlendo afika nati odi, apatsidwa mphasa kapena mpando, ndipo atakhala pansi, eni nyumba ndiwo adza kudzampatsa moni mmodzimmodzi. Pamenepo patsata malonje, ndiko kufotokoza kumene wachokera, za odwala, za mvula ndi chimene wadzera. Wachiwiri ndi wa panjira, umene uli waufupi, wosafuna mphasa, ndipo nthawi zambiri munthu aupereka miyendo ili kuyendabe. Za wachiwiriyu ndizo tinena pano.

Mtonga pokomana ndi mnzake ati Timuwoneni, ndipo winayo avomera kuti Yewu. Tikaphwanya liwu loyambalo tipeza zidutswa izi: ti- ndiye ife, -mu- pamodzi ndi -ni wa kumapeto ndiye inu, mwaulemu, -won- ndilo tsinde la kuona, ndipo -e- asonyeza kufuna kapena kupempha. Motero pa Chinyanja tikanati tikuoneni. Onani kuti liwuli silifunsa za moyo, silitchula m'mawa kapena madzulo. Lingonena za kuonana. Azulu a kummwera, kumene Angoni anachokera, ali nalo liwu lao la moni lomangidwa pa tsinde lomwelo la kuona. Za liwu lathu lakuti moni anthu atsutsana: ena ati linachokera ku moni wa m'mawa wa Angerezi, ena ati ndi kuona komweko kofupikitsidwa. Ngati pali nthawi, Mtonga aonjeza kuti Mwe uli? ndipo yankho lake ndi Nde umampha, ndiko kuti ndili bwino. Mwamuna wamkulu atchedwa ada, ndi mkazi ama, ngakhale pakati pao palibe chibale.

Chifukwa ninji kuonana kuyenera kunenedwa ndi pakamwa? Tikumbukire umo inaliri njira ya makolo. Inali yopapatiza, ya munthu mmodzi, yopita pakati pa udzu wautali, minda ya chinangwa ndi nkhalango, ndipo anthu anali kuyenda motsogozana. Awiri ochokera uku ndi uku sakanatha kulambalalana patali monga tichita pamsewu waukulu. Anali kudzidzimukana pafupi, ndipo mwamuna aliyense anali ndi nkhwangwa kapena mkondo m'manja. Pa kamphindi kameneko yense afuna kudziwa ngati winayo adza ndi mtendere. Wobisalira salankhula, pakuti mawu amuulula: malankhulidwe ake aonetsa mtundu wake ndi dera lake. Amene ayamba kutulutsa mawu wadziulula yekha, ndipo wakhala ngati waika mkondo pansi.

Mwambowu ngwakale kopambana nkhondo zimene tizidziwa, koma zaka za nkhondo zionetsa bwino kulemera kwake. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835, ndipo patapita zaka ngati makumi awiri, a M'mbelwa anakhazikika kumapiri a kumadzulo kwa dziko la Atonga. Anali kutsikira kunyanja kudzafunkha chakudya ndi kugwira anthu, ndipo anyamata ambiri a Chitonga anakulira m'magulu a nkhondo a Angoni. Kummwera, ku Nkhotakota, kunali Jumbe ndi malonda ake a minyanga ndi akapolo. Cha m'ma 1875 Atonga ambiri amene anali m'manja mwa Angoni anathawa kubwerera kunyanja, ndipo Angoni atawalondola anagonjetsedwa pa Chintheche. Masiku amenewo anthu anasiya midzi yao yaing'ono naunjikana m'malinga akulu, monga la Mankhambira ku Chintheche ndi la Marenga ku Bandawe.

Taganizani tsono za mkazi wotuluka m'linga kupita kumunda, kapena mwamuna wopita ku linga lina. Munthu amene akomana naye akhoza kukhala mbale wothawa kumapiri, wobvala ndi kunyamula chishango monga Mngoni, kapena akhoza kukhala kazitape wa nkhondo imene ili kudza. Maso okha sakanatha kusiyanitsa awiriwa. Chowasiyanitsa chinali kuyankha moni, kutchula mudzi ndi mwini mudzi, ndi kunena kumene apita. Apa ndipo tiona chifukwa chake funso lakuti mwachokera kuti ndi lakuti mupita kuti litsata moni msanga, ndipo siliyesedwa chipongwe, chinkana alendo ochokera kutali aliyesa kulowerera za eni.

Nkhondo zinatha pang'onopang'ono. A Mishoni ya Livingstonia anaika malo oyesera pa Bandawe m'chaka cha 1878, ndipo mu 1881 Dotolo Robert Laws anasamutsira likulu la mishoni pomwepo kuchokera ku Cape Maclear. Dziko la Angoni a M'mbelwa linalowa m'manja mwa boma la Angerezi mu 1904. Anthu anatuluka m'malinga namanganso midzi yomwazikana m'mbali mwa nyanja. Koma moni wa panjira sunathe pamodzi ndi mantha a mkondo, pakuti unali ndi ntchito zina zimene mtendere sunazichotse.

Ntchito yoyamba ndiyo umboni. Munthu amene wapatsana moni ndi anthu asanu pa ulendo wake wasiya mboni zisanu za kumene anapita ndi nthawi imene anapita. Akapanda kufika, abale ake atsata njira yomweyo nafunsa, ndipo amva kuti anaoneka pakutipakuti dzuwa lili pamutu, napenya cha ku Luweya. Iyenso alandira zimene sakanazidziwa: kuti mtsinje wadzala, kuti padooko paoneka ng'ona, kuti m'mudzi wa patsogolo muli maliro. Ku Usisya, kumene mapiri atsikira m'nyanja ndipo ulendo wambiri unali wa bwato kapena wa njira zokwera, mawu a munthu wochokera kumene upita anali a mtengo wapatali. Akulu anati safunsa anadya phula.

Ntchito yachiwiri inakula ndi ulendo wa kunchito. Kuyambira zaka za m'ma 1880 Atonga anali m'gulu la oyamba kulembedwa ntchito ndi kampani ya Mandala, ndipo pambuyo pake anapita ambirimbiri ku Harare ndi ku migodi ya ku Joni. J. van Velsen, amene anakhala pakati pao m'zaka za m'ma 1950 nalemba buku la chibale chao lotuluka mu 1964, anapeza kuti amuna oposa theka anali kunja kwa dziko lao pa nthawi imodzi. Munthu wobwera patapita zaka khumi, wobvala suti ndi chipewa, ana a mlongo wake samdziwa. Malo ake m'mudzi, munda wake ndi mawu ake pa mlandu zidalira kuti anthu amvomereze kuti ngwao. Pamene apatsa moni nkhalamba panjira m'chinenero cha kwao, naitchula ndi chiwongo chake, kaya Chirwa, kaya Mhone, kaya Longwe, aonetsa kuti sanatayike. Amene apyola chete anenedwa kuti wadzikuza ndi ndalama, ndipo mbiriyo ifika kumudzi iye asanafike.

Tiyese tsono ulendo umodzi. Mphunzitsi anyamuka m'mawa pa Bandawe kupita ku Kande, nakomana ndi anthu makumi atatu. Akanati akhale pansi ndi yense mphindi khumi za malonje, akanataya maora asanu. Nchifukwa chake moni wa panjira uli waufupi, ndipo nzeru yake ili pa kudziwa muyeso woyenera munthu aliyense. Akakomana ndi nkhalamba, apatuka pang'ono kuisiyira njira, achepetsa liwiro, avula chipewa kapena aomba m'manja pang'ono, nati Timuwoneni ada. Ikaima nkhalambayo, iyenso aima, ndipo sachoka kufikira itamaliza kufunsa. Akakomana ndi amayi osenza chinangwa chochokera kobviika, iye ndiye apatuka, pakuti wosenza katundu sakhoza kulowa m'thengo. Awapatsa moni wa liwu limodzi osawaimitsa ndi mtolo pamutu. Asodzi amene ali kukoka khoka pamchenga awapatsa moni onse pamodzi mokweza mawu, osayembekeza kuti asiye chingwe. Koma akapeza anthu atakhala pamaliro m'mbali mwa njira, moni wa panjira sukwanira: atsika panjinga ngati wakwera, akhala pansi kanthawi, ndipo pambuyo pake apitirira.

Zolakwa zichitika pawiri. Kulakwa koyamba ndiko kupereka moni waufupi kumene kufunika wautali, monga kwa mfumu, kwa apongozi kapena kwa ofedwa. Chizindikiro chake ndi yankho louma, la liwu limodzi, lopanda funso lobwezera. Kwachiwiri ndiko kukhala chete. M'mudzi mmene anthu onse adziwana, kusapereka moni sikuyesedwa kuiwala. Kumveka ngati kunena kuti pali chakukhosi. Mwana wa munthu amene anapyoledwa chete akadwala mawa lake, anthu akumbuka za dzulo, ndipo milandu yonenerana ufiti iyamba pa zinthu zazing'ono zotere. Mphunzitsi akaona kuti awiri a mumpingo aleka kupatsana moni panjira, adziwe kuti mlandu ulipo kale, chinkana palibe amene waunena.

Akatekisti afunsidwanso za Luka 10:4 ndi 2 Mafumu 4:29, pamene otumidwa auzidwa kuti asachedwe ndi kulonjera anthu panjira. Ayankhe kuti kumeneko kunenedwa za mthenga wa changu, amene sayenera kukhala pansi pa malonje. Kwathu kunonso wonyamula uthenga wa maliro kapena wothamangira sing'anga akhululukidwa akapyola ndi liwu limodzi.

Mwambowu uli ndi malire ake. Pamsika wa Chintheche kapena wa Mpamba, ndi pamsewu waukulu wa m'mbali mwa nyanja, anthu achuluka kotero kuti munthu apatsa moni odziwana nawo okha ndi amene maso ao akomana ndi ake. Koma akangopatuka pamsewu kulowa kanjira kopita kumudzi kapena kudooko, kumene odutsa ali owerengeka, lamulo lakale libwerera. Zitero m'maiko ambiri, ngakhale ku Ulaya, kumene oyenda m'njira za kumapiri apatsana moni, koma anthu omwewo apyolana chete m'mizinda yao. Tsono pophunzitsa ana, musawauze kokha kuti moni ndi ulemu. Auzeni kuti ayang'ane njira imene alimo, ndi munthu amene ali kudza, ndi chimene wasenza.