"Mkazi" Kapena "Mayi": Zining'a ndi Miyambi m'Mbiri ya Baibulo la Chichewa

Aliyense wa ife amene adayesapo kutembenuza sewero kapena nkhani ya Chingerezi kuti ikhale m'Chichewa akudziwa kuti pofotokoza malo ndi zochitika ntchito imayenda bwino, koma anthu a m'nkhanimo akangotsegula pakamwa zinthu zimavuta. Mau onse amakhala a Chichewa ndithu, koma wolankhulayo amamveka ngati mlendo. Vuto limeneli silidayambe ndi ife. Omasulira Baibulo adalimbana nalo pafupifupi zaka zana, ndipo ndifuna kuti tione zimene adachita pa malo atatu pamene anthu akulankhulana. Pano ndikuliwerenga Baibulo ngati buku lomasuliridwa. Za chipembedzo ndazisiyira eni ake.

Tiyambe ndi mbiri yake mwachidule. M'chaka cha 1900 amishoni a mipingo ingapo adagwirizana kuti pakhale Baibulo limodzi la Chinyanja loti lidziwerengedwa ku Blantyre, ku Mvera ndi kwina konse. Alexander Hetherwick wa ku Blantyre adatsogolera bungwe la ntchitoyi, koma amene adasenza katundu wamkulu adali William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed. Buku Lopatulika lidatuluka m'chaka cha 1922. Akatolika adatulutsa lao, Malembo Oyera, m'chaka cha 1966, ndipo ntchito yaikulu adaigwira ndi Bambo Louis Villy. Kenaka m'chaka cha 1998 kudabwera Buku Loyera, lomasuliridwa ndi Akatolika pamodzi ndi mipingo ina.

Murray ndi anzake adatsata mau a buku loyambirira mmodzimmodzi, ndipo adali ndi zifukwa zao. Ankaopa kuti akasintha kanenedwe angasinthenso uthenga. Ankafunanso chinenero chomveka kwa Amang'anja, Achewa ndi Anyanja a kunyanja nthawi imodzi, pamene chining'a cha dera limodzi sichimveka msanga kudera lina. Eni chinenero adathandiza, koma mau omaliza adali a amishoni, amene Chinyanja adachita kuphunzira atakula. Maganizo adasintha pambuyo pake. M'chaka cha 1964 Eugene Nida wa ku Amereka adalemba buku lonena kuti kumasulira kwabwino ndi kumene kumachititsa womvera wa lero kumva zimene adamva womvera woyamba. Buku Loyera lidatsata njira imeneyi, ndipo Ernst Wendland, mphunzitsi wa ku Lusaka, adali mmodzi mwa alangizi ake. Ndi buku lomweli limene lidaika dzina loti Chauta pamene lakale lidaika Yehova.

Malo oyamba ndi ukwati wa ku Kana, pa Yohane 2:4. Vinyo watha, ndipo Maria akuuza mwana wake Yesu. M'yankho la Yesu muli misampha iwiri. Woyamba ndi liu loitanira. M'Chigriki iye akuitana mayi wake ndi liu limene tanthauzo lake ndi munthu wamkazi, ndipo kwa Agriki liulo silidali lachipongwe. Munthu ankatha kuitana nalo mkazi wolemekezeka. Buku Lopatulika lidaika liu loti "Mkazi". Pa dikishonale palibe cholakwa. Koma tangoganizani mnyamata wa kwa Kalolo kapena kwa Kachindamoto akuitana mayi womubala kuti "mkazi" pamaso pa anthu a paukwati. Akuluakulu angayang'anane, ena nkugwira pakamwa. Womvera wa Chichewa amamva mwano umene mlembi sadaikepo. Chondichititsa chidwi ndi chakuti omasulira omwewo adasankha "inu" m'malo mwa "iwe" pa chiganizo chimenechi, ngakhale Chigriki sichisiyanitsa ulemu mwa njira imeneyo. Tsono khutu lao lidamva ulemu pa mlowam'malo, koma pa dzina adamangika ndi dikishonale.

Buku Loyera lidabwezera liu loitanira mayi, ndipo apa Chichewa chidatipatsa mwayi. Akatswiri amanena kuti sichidali chizolowezi kuti mwana aitane mayi wake weniweni ndi liu la Chigriki lija. Lidali laulemu koma loika kamtunda pang'ono. Ife "Mayi" timaitanira wotibala, timaitaniranso mayi wina aliyense amene takumana naye pamsika. Motero liu limodzi lasenza ulemu ndi kamtunda komwe.

Msampha wachiwiri ndi chining'a. Yesu akugwiritsa ntchito kanenedwe ka Chihebri kamene, titakatsata liu ndi liu, kakufunsa kuti pali chiyani kwa wolankhula ndi kwa womvera. Mchewa akamva zotere amadikira kuti wina atchule chinthucho, pamene silidali funso lofuna yankho. Kadali kanenedwe kokanira kulowetsedwa m'nkhani kapena kodandaulira kuti wina akukuvutitsa. Kanenedwe komweka kali pa Oweruza 11:12, pamene Yefita akutumiza mithenga kwa mfumu ya Aamoni yobwera ndi nkhondo. Kalinso pa 1 Mafumu 17:18, pamene mayi wamasiye wa ku Zarefati akulankhula kwa Eliya mwana wake atafa, ndiponso pa Marko 5:7, m'kamwa mwa munthu wokhala kumanda uja.

Womasulira wotsata mau adzaika chiganizo chimodzi pa malo anai onsewa. Ine ndiona kuti Chichewa chikufuna ziganizo zinai. Mtsogoleri wa nkhondo anganene kuti, "Takulakwirani chiyani kuti mutiputire nkhondo?" Mayi wofedwa angalire kuti, "Ndidakuchimwirani chiyani ine, bambo?" Wa kumanda uja angakuwe kuti, "Mukundifunanji? Ndisiyeni!" Ndipo mwana wolemekeza mayi wake paukwati anganene motsitsa mau kuti, "Mayi, imeneyo si nkhani yathu." Chining'a ndi chimodzi, koma wina akuopseza, wina akulira, wina akuchita mantha, wina akukana mwaulemu. Chofunika kumasulira ndi chimene munthuyo akuchita kwa mnzake ndi mau akewo.

Malo achiwiri ndi oopsa kuposa oyamba, chifukwa Chichewa chake chimamveka bwino koma chimanena zina. Pa Luka 24:32 ophunzira awiri a ku Emau, atazindikira amene adayenda nao panjira, akukumbutsana kuti mitima yao inkayaka moto pamene iye ankalankhula. Kwa mlembi motowo udali wa chimwemwe ndi chidwi. Baibulo lakale lidasunga kutentha kwa mtimako. Koma kwathu kuno moto ndi mtima zikakumana timaganiza za kupsa mtima, ndiko kukwiya. Munthu wongomvera, wopanda womufotokozera, angathe kuganiza kuti awiriwo adanyansidwa ndi mlendo wolankhulitsa uja. Mankhwala ake sali kutali, pakuti Chichewa chili ndi zining'a zambiri za mtima: mtima umagwa, umakhala pansi, umakhala m'mwamba, ndipo nkhani yokoma imagwira mtima. Ophunzirawo akadati, "Nchifukwa chake mau ake amatigwira mtima panjira paja!" palibe akadasokera. Moto watayika, koma mtima watsala ndipo chimwemwe chabwerera. Chining'a chachilendo chimene chikufanana ndi chathu ndicho choyenera kuchikayikira koposa, popeza sichidzionetsa kuti ndi mlendo.

Malo achitatu ndi a mwambi weniweni. Pa Machitidwe 26:14 Paulo akufotokozera mfumu Agripa za mau amene adamva panjira ya ku Damasiko, ndipo m'mauwo muli mwambi wa ng'ombe yomenya mateche pa ndodo yosongoka yoitosera. Udali mwambi wodziwika kwa Agriki, ndipo umapezeka m'masewero a Aeschylus ndi Euripides. Tanthauzo lake ndi lakuti wolimbana ndi womuposa mphamvu amangodzipweteka yekha. Koma owerenga ambiri a m'chaka cha 1922 adali alimi a khasu, osadziwa kulimitsa ng'ombe, kotero chithunzicho chidali chopanda kanthu kwa iwo.

Apa womasulira ali pa mphambano ya njira zitatu. Angathe kusunga chithunzi nkuonjezera mau ochepa otchula ng'ombe ndi mbusa wake. Angathe kutaya chithunzi nkunena tanthauzo lokha, kuti ukudzipweteka wekha polimbana nane. Kapena angathe kufuna mwambi wathu. Umene umabwera msanga m'mutu ndi uja wa wosamva amene adamva nkhwangwa ili m'mutu. Ukukoma m'khutu, ndipo anthu angaombe m'manja. Koma tiuyese bwino. Mwambi wa nkhwangwa umanena za munthu amene mwayi wake watha, ndipo timaunena moopseza kapena monyodola zinthu zitaonongeka kale. Mwambi wa ng'ombe umanena za chiweto chimene mwini wake akuchifunabe pa ntchito. Ndodo ija si yophera ayi, ndi yoongolera. Tikaika nkhwangwa m'kamwa mwa wolankhulayo tamusandutsa wolipsira, pamene nkhani yonse ikupita koti Paulo apatsidwe ntchito. Pa malo amenewa ine ndingasankhe njira yoyamba, makamaka poti ngolo za ng'ombe zidafala m'midzi yambiri ndipo chithunzicho chidasiya kukhala chachilendo.

Mwambi wathu uli ndi mwini wake. Umabwera ndi msinkhu wa woyenera kuunena, ndi malo ake, kaya ndi pabwalo la milandu, pasiwa kapena pamtondo. Mwana sauponyera mkulu mwambi wodzudzula. Umabweranso ndi nyama ndi ziwiya za kwathu, ndipo mfumu ya ku Yerusalemu ikayamba kutchula tsokonombwe ndi pusi, owerenga amaseka pamene sitidafune kuti aseke. Mwambi wa kwathu ulowe pokhapokha ngati ukugwirizana ndi woyambirira pa tanthauzo, pa ukali kapena kufatsa kwake, ndi pa ubale wa olankhulanawo.

Sindikufuna kuti tichoke pano tikunyoza Buku Lopatulika. Lidaphunzitsa mibadwo kuwerenga, ndipo ziganizo zake zina zidalowa m'magazi mwa anthu kotero kuti zimamveka ngati chilankhulo cha mwambo. Ambiri amalikondabe chifukwa cha kulemera komweko. Koma ife olemba masewero ndi nkhani tilibe mlaliki woima pakati pathu ndi omvera kuti afotokoze zimene timatanthauza. Wosewera amanena mzere wake kamodzi, ndipo ukalephera kumveka wapita.

Nchifukwa chake ndikupempha kuti zomasulira zimene tibweretse pa msonkhano wathu tidziyamba taziwerengera munthu amene sadaone Chingerezi chake. Tisamufunse ngati zakoma, pakuti adzavomera mwaulemu. Timufunse kuti mwa awiri akulankhulawo wamkulu ndani, wakwiya ndani, ndipo wina akufuna chiyani kwa mnzake. Akayankha mosiyana ndi buku loyambirira, tibwerere ku liu loitanira, ku "iwe" ndi "inu", ndi ku chining'a chilichonse chotchula mtima, mutu kapena maso, chifukwa cholakwa chimakonda kubisala pamenepo.